Mizere Itatu Yoyamba ndi Dimba la ku Kasina

Chaka chimene ndinamaliza maphunziro a zamalonda, ndinapeza malo ophunzirira ntchito ku bungwe lina laling'ono la alimi pa Boma la Dedza. Ndinayamba mwezi wa Epulo, mvula itangoleka. Ofesi yake inali zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo yogulitsa mbewu, ndipo tebulo langa linali pafupi ndi zenera losatsekeka bwino, moti pofika Juni ndinkalemba nditavala juzi ziwiri. Ntchito yanga inali yolemba mapositi a pa tsamba la Fesibuku la bungwelo, kuika mawu pansi pa zithunzi, ndi kutumiza mauthenga ku magulu a Watsapu a makalabu a alimi.

Amene ankandiyang'anira anali mayi wina wachikulire, woseka pang'ono koma wa mtima wabwino, amene tonse tinkangowatchula kuti madamu. Lolemba lililonse tinkakhala pansi ndi kulemba pa pepala zimene tidzaike pa tsamba sabata imeneyo: Lachiwiri uthenga wa msonkhano, Lachinayi malangizo a ulimi, Lachisanu nkhani ya mlimi mmodzi. Positi iliyonse ndinkayamba ndawaonetsa. Tsiku loyamba lenilenilo anandiuza kuti anthu athu ambiri amawerenga pa foni yaing'ono, bandulo ikutha, ndipo Fesibuku imangoonetsa mizere yoyambirira ya positi yaitali, ina yonse imabisika mpaka munthu atadina kuti aone zotsalazo. Anati ambiri sadina. Ndinavomera ndi mutu, ndinalemba m'kope, ndipo ndinaganiza kuti ndamva.

Ndine wowerenga mawu a Mulungu ku tchalitchi kwathu kuyambira ndili ku sekondale. Ndinkadziona ngati munthu wodziwa kulemekeza mawu. Ndikulemba izi kuti ndivomereze kuti kudziona kumeneko kunali kunyada, ndipo Ambuye anandichiritsa kudzera mwa anthu amene ndinawalakwira.

Mapositi a Lachisanu ndiwo ndinkawakonda. Uthenga wa msonkhano sukopa anthu, koma nkhope ya mlimi akumwetulira pakati pa kabichi imabweretsa malaiki ndi ndemanga, ndipo mabungwe amene ankatithandiza ku Lilongwe ankaziona. Ndinayamba kumatsegula foni mphindi zilizonse kuona ngati chiwerengero chakwera. Ndinkachita zimenezi ngakhale pa khomo la tchalitchi.

Kumayambiriro kwa Julayi ndinapita ku mudzi wina wa kufupi ndi Kasina kukajambula mayi wina wa m'kalabu yathu. Anali wamasiye. Anakwatiwa kuchokera mudzi wina n'kutengedwa kudzakhala kwa amuna awo, ndipo amunawo atamwalira anatsala pamudzipo ndi ana anayi. Dimba limene ankalima linali la banja la amuna awo. Alamu awo aakulu, mkulu wake wa malemuyo, ndiwo anawauza maliro atatha kuti apitirize kulima kuti ana asavutike. Mayiwo anandifotokozera zonsezi titakhala pamzere wa anyezi. Anandionetsa chitsime chimene alamuwo anakumba ndi manja awo, ndipo anati chaka chilichonse dengu loyamba la kabichi amakalitula kwa alamuwo asanagulitse ngakhale mutu umodzi. Palibe amene anawalamula kutero, koma onse ankadziwa tanthauzo lake: wolima akukumbukira mwini nthaka.

Ndinawawerengera pepala lopempha chilolezo chojambula, anasaina, ndinawajambula atanyamula khani yothirira. Chithunzicho chinatuluka bwino kwambiri. Dzuwa linali kumbuyo kwanga, masamba anali obiriwira, phiri likuoneka patali.

Ku ofesi ndinalemba positi yaitali. Ndinayamba ndi mawu amene ndinkadziwa kuti akoka maso. Ndinalemba kuti mayi ameneyu anatsala yekha wopanda womuthandiza, koma lero ali ndi dimba lakelake limene likudyetsa ana ake. Kenaka ndinafotokoza za mbewu, za maphunziro a bungwe lathu, za msika. Za alamu, chitsime ndi dengu loyamba ndinaziika pamapeto penipeni, ngati mawu othokoza. Mumtima ndinkati zonse zilimo, sindinabise kanthu.

Lachisanu limenelo madamu anali ku msonkhano ku Lilongwe. Ndinawatumizira positiyo pa foni, sanayankhe mpaka masana, ndipo ine ndinaopa kuti nthawi imene anthu amatsegula mafoni idutsa. Ndinaiika pa tsamba osadikira. Pofika madzulo inali itaposa mapositi onse amene ndinalembapo. Ndinapita kunyumba ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Lolemba m'mawa ndinapeza ndemanga imodzi pakati pa zoyamikira zambirimbiri. Munthu wina analemba mwachidule kufunsa kuti dimbalo linakhala lawolawo liti, ndipo analipereka ndani. Ndinaganiza kuti ndi anthu a nsanje aja amene sasowa pa Fesibuku. Sindinayankhe.

Lachitatu mayi a dimba aja anafika ku ofesi. Anali atakwera njinga yamoto mpaka pamsewu waukulu, n'kukwera minibasi, kusiya dimba losathirira. Anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi chitseko, ndipo analankhula ndi madamu, osati ine. Wolemba ndemanga uja anali mwana wa alamu awo, wogwira ntchito ku Lilongwe. Anajambula positiyo mmene inkaonekera pa foni yake, chithunzi ndi mizere itatu ya pamwamba, n'kutumiza ku gulu la Watsapu la pabanja. Mizere yothokoza ija inali yobisika. Abale onse, a ku Lilongwe, a ku Joni ndi a pamudzi, anawerenga kuti mkazi wa m'bale wawo analibe womuthandiza ndipo dimba ndi lake. Ena anati wayamba kugwiritsa ntchito bungwe kuti malowo alembedwe m'dzina lake. Alamuwo sanakalipe. Anangotuma uthenga woti akolole zimene zili m'dimbamo, koma asawokerenso kanthu.

Mayiwo anali ndi nazale ya kabichi imene mbande zake zinali zitatsala pang'ono kukwana kuwokera. Mbande zikapitirira nthawi pa nazale zimatalika, zimalimba tsinde, ndipo sizimanga mitu yabwino. Kabichi ameneyo ndiye ankayembekezera kuti adyetse ana mpaka mvula. Dimba lina analibe, ndipo kwawo kumene anabadwira malo anagawana kalekale.

Atamaliza anandiyang'ana koyamba.

"Mwananga, ine ndinakuuzani kuti ndilibe wondithandiza?"

Ndinayankha kuti ayi, sanatero. Ndinayamba kufotokoza kuti za alamu zinalimo, zinali mmunsi, munthu akangodina aziona. Madamu anandigwira pa mkono kuti ndileke.

Malemba amachenjeza kawirikawiri za kusuntha malire a munda wa amasiye. Ndinawerengapo mawu otero pamaso pa mpingo, ndikuganiza za anthu ankhanza a makasu ndi zikhomo. Sindinaganizepo kuti munthu angathe kuchotsa wamasiye m'munda ndi chala chimodzi, atakhala pa tebulo, akumwa tiyi, ndiponso akufuna kumuyamikira.

Mayiwo atapita, ndinati ndifufute positiyo msanga. Madamu anakana. Anati chithunzi chimene chili m'mafoni a abale sichifufutika ndi ife, ndipo tikachotsa positi mwakachetechete adzati tabisa umboni, zikhala ngati zimene akuganizazo n'zoona. Anati tikonze mizere yoyamba ya positi yakaleyo lero lomwe ndi kulemba pamwamba pake kuti takonza, tiyankhe ndemanga ija mwaulemu, kenaka tilembe positi yatsopano yaifupi. Koma yatsopanoyo isatuluke eni nkhani asanaimve ndi makutu awo. Za kuika positi osadikira chilolezo chawo anangonena kamodzi, mawu ochepa, ndipo sanabwerezenso. Ndikadakonda akadandikalipira. Anawonjezera kuti iwonso anali ndi mbali yawo, chifukwa anaona uthenga wanga ali m'msonkhano n'kuganiza kuti awerenga bwino madzulo.

Tinakonza yakaleyo. Ndinayankha mwana wa alamu uja kuti funso lake ndi loona, tinalemba molakwa, dimba ndi la banja lawo, ndipo tikupita kukaonana ndi bambo ake. Sanayankhe.

Lachinayi lonse ndinalemba positi yopepesa. Inatalika. Ndinaikamo chisoni changa, cholinga cha bungwe, ulemu wathu pa miyambo, ndi mawu ambiri okoma. Madamu anaiwerenga, anakweza nsidze, n'kunena kuti tiyeni nayo choncho, akaimve eni ake. Pambuyo pake ndinazindikira kuti ankafuna ndiphunzire kwa munthu wina osati iwo.

Lachisanu m'mawa tinanyamuka. Tinayamba tadzera kwa mtsogoleri wa limana la m'mudzimo, mphakati umene mayi aja ndi alamu awo onse amapempherako, chifukwa mlendo sangangotulukira pakhomo pa munthu ndi nkhani yotere. Iye anatiperekeza mpaka pabwalo, anatidziwitsa, n'kukhala chapatali. Alamuwo tinawapeza akusoka thumba la mbatatesi. Anali bambo wamtali, woonda, wa ndevu zoyera, wovala chipewa cha ubweya. Anatulutsa mipando iwiri, iwo anakhala pa thumba. Mayi aja anabwera n'kukhala pamphasa, nkhope atayang'ana kumbali. Malonje anatenga nthawi. Anafunsa za ku Boma, za kuzizira, za makolo anga, ndipo atamva mudzi wa kwathu anati amadziwako, anakagulako nkhumba kale.

"Ndiye a Fesibuku aja ndinu?" anandifunsa. "Ine ndimayesa ndi munthu wamkulu wa mimba yake."

Madamu anaseka, ine sindinathe. Ndinagwada, ndinanena kuti wolakwa ndine, kuti mayiwa anandiuza zonse bwinobwino, za chitsime ndi za dengu, ndipo ine ndi amene ndinasankha zoika patsogolo. Anandiuza kuti ndikhale pampando, mawondo ndisungire ku tchalitchi. Kenaka ndinapempha kuti ndiwawerengere zimene tikufuna kulemba.

Ndinawerenga ndi mawu anga a pa guwa aja, pang'onopang'ono. Ndili mkati ndinayamba kudzimva ndekha. Chiganizo chilichonse chinkayamba ndi ife: ife a bungwe, ife tikumva chisoni, ife timalemekeza. Nditamaliza, bambowo anapota ulusi pa chala.

"Mwapepesa katatu, ndawerenga," anatero. "Koma mwana wanga ku Lilongwe akatsegula, aona pati pamene pakunena kuti dimba ndi la yani?"

Ndinayang'ana pa pepala. Zinali m'ndime yachinayi. Ndinali nditabwereza kulakwa komwe kuja, pa positi yokonza kulakwako.

Anapitiriza kulankhula, osakweza mawu. Anati iwo za malaiki sazidziwa. Chimene chinawapweteka si dimba kwenikweni, koma kuti mng'ono wawo ali m'manda, ndipo dziko lonse lawerenga kuti abale ake anataya mkazi wake ndi ana. Anati anakumba chitsime chija mwezi wa Okutobala, nthaka ili gwa, msana ukuwawa, ndipo sanafune kuti wina awathokoze. Koma kunenedwa kuti kunalibe munthu, zimenezo zinawalowa. Anatinso abale a kutali ali ndi mantha awo, poti anamva za malo a mabanja ena amene anapita chifukwa cha mapepala a mabungwe, ndipo iwo ngati wamkulu sangawatsutse opanda chowaonetsa.

Ndinatembenuza pepala, ndinalemba chiganizo chimodzi: dimba ili ndi la banja la malemu amuna awo, ndipo alamu awo ndiwo anawapatsa kuti azilima. Ndinawerenga mokweza. Bambowo anavomera ndi mutu. Ndinawonjezera kuti banjali ndilo lawasamala mayiwa ndi ana awo pa zonse. Apa mayi aja anatembenuka.

"Alamu, mundikhululukire. Nthaka ndi yanu, chitsime ndi chanu, sindikana. Koma khasu ndagwira ndine. Asalembe ngati ndimangokhala pakhonde kudikira."

Ndinaopa kuti zonse zawonongeka. Bambowo anawayang'ana, kenaka anaseka pang'ono n'kunena kuti zimenezo n'zoona, ndipo akanakhala kuti ana awo enieni amagwira khasu ngati mlamu wawoyu, bwenzi iwo atagula kale ngolo. Anandiuza kuti ndilembe zonse ziwiri, koma zikwane pamalo pamene munthu amaona asanadine.

Tinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu pa mizere itatu. Ndikalemba, ndinkawerenga mokweza, wina n'kuchotsapo liwu. Madamu anachotsa dzina la bungwe pa chiyambi, anati lili kale pamwamba pa tsamba. Mayi aja anakana liwu loti osauka. Bambowo anakana kuti dzina lawo lilembedwe, anati abale akudziwa kale kuti ndi ndani, ena onse sizikuwakhudza. Ndinkalemba mawuwo pa foni n'kuyerekeza ndi mapositi ena a pa tsamba kuti ndione ngati sadzadukira pakati, ndipo poti mafoni amadula mosiyana, tinafupikitsabe. Pomaliza inatsala chonchi:

"Kukonza: dimba ili ndi la banja la malemu amuna a mayiwa. Alamu awo anawapatsa kuti azilima ndipo anawakumbira chitsime; olima ndi mayiwa. Tinalemba molakwa sabata yatha, pepani."

Inali positi yosakongola kuposa zonse zimene ndinalembapo. Munalibe liwu lokopa. Koma aliyense wa atatu aja ankatha kuimva kamodzi n'kuibwereza, ndipo palibe amene inamunamizira.

Pa chithunzi, bambowo anati tisaike nkhope ya munthu, tijambule chitsime. Tinatsikira ku dimba tonse. Ndinaona nazale ija, mbande zitathinana, zina zitayamba kale kutalika. Ndinajambula chitsime ndi khani ili pambali. Netiweki kudimbako kunalibe, choncho tinakwera pa chulu cha pafupi ndi msewu, madamu anawerenga komaliza, anavomera, ndipo ndinaitumiza. Tinaikhomanso pamwamba pa tsamba kuti aliyense wotsegula ayambe kuona imeneyo. Kenaka ndinaijambula mmene ikuonekera pa foni, mawu onse akuoneka, ndi kuitumiza kwa mtsogoleri wa limana uja kuti aipereke kwa a pabanjapo, iyende njira yomwe inayenda yoyamba ija.

Ndinkayembekeza kuti bambowo anena pomwepo kuti mayiwo awokere. Sanatero. Anati amva, aona, koma nkhaniyi inalowa m'banja lonse ndipo iyenera kutuluka ndi banja lonse. Adikira ana ndi abale aione, alankhulane.

Masiku amene anatsatira ndinapemphera kuposa mmene ndinapempherera mayeso anga onse. Loweruka ndinapita kukalapa. Ndinanena tchimo langa ndi dzina lake, kuti ndinachitira mnzanga umboni wonama chifukwa chofuna kuyamikiridwa, ngakhale liwu lililonse palokha ndikanatha kuliteteza. Lamulungu ndinali pa ndandanda wowerenga, ndipo ndinaima pa guwa ndi manyazi amene sindinawamvepo. Positi yatsopano ija inapeza malaiki ochepa kwambiri. Ndinkatsegulabe foni kawirikawiri, koma tsopano ndinkafuna dzina limodzi lokha.

Lachiwiri masana linaoneka. Mwana wa alamu uja analemba pansi pa positiyo kuti wawona, zikomo pokonza. Mawu atatu basi. Ndinawaonetsa madamu, iwo anati tisathamange, ndemanga si chilolezo.

Lachinayi mayi aja anaimba foni ya madamu kuchokera pa foni ya mnzawo. Banja linali litakhala pansi. Anawalola kuwokera. Koma abale a kutali anaumirira chinthu chimodzi chimene kale kunalibe: kuti chaka chilichonse, mvula ikatha, mayiwo azikapempha dimbalo mwatsopano pamaso pa alamu ndi mboni imodzi. Kale ankangolima, dengu loyamba lija linkakwanira. Tsopano azipempha. Chimenechi ndinawabweretsera ndine, ndipo positi iliyonse imene ndingalembe singachichotse.

Ndinapempha madamu kuti Loweruka ndipite ndikathandize kuwokera, osati ngati wa bungwe. Anandilola, anati foni ndiisiye m'chikwama. Ndinafika m'mawa kukuzizira, mame ali mbuu pa udzu. Mbande zina zinali zitapitirira, tinazitaya pambali. Mayiwo anati mwina gawo limodzi mwa magawo atatu. Zotsalazo tinaziwokera mzere ndi mzere, iwo akubowola ndi kamtengo, ine ndikuika ndi kutsendera dothi. Anandiseka kuti ndimatsendera ngati ndikuopa kuti mbande ilira. Ndinayesa kupepesanso za kupempha kwa chaka ndi chaka kuja, iwo anandidula. Anati kupempha sikupha munthu, pakamwa ali napo, ndipo alamu awo si munthu womana. Anati chimene ankaopa chinali kubwerera kwawo ndi ana anayi opanda polima, ndipo chimenecho Mulungu wawachotsera.

Dzuwa litakwera, alamu aja anatsika ndi khani yawo. Anatunga madzi pachitsime n'kuyamba kuthirira mizere imene tinali titamaliza, kuyambira kumtunda, ife tikupitiriza kuwokera kumunsi.